Kufunsa Kompyuta Ngati Mlonda Wake Ali Maso

Pa maofesi ambiri pamakhala mlonda pageti, atagwira buku. Aliyense wolowa amaonetsa chiphaso, mlonda nkuchiyang'ana, nkulemba m'bukumo, kenako geti nkutseguka. Tsopano tiyerekeze kuti inu muli kale m'kati, mwakhala pa mpando wanu, ndipo mukufuna kudziwa ngati m'mawa uja mlonda anayang'anadi ziphaso kapena ankawodzera geti lili pululu. Mukhoza kutuluka nkukamufunsa, koma pali njira yachidule: kutsegula buku lomwe iye anasiya pa tebulo la alendo.

Kompyuta ilinso ndi mlonda wotere, ndipo dzina lake pa sikirini ndi Secure Boot. Mutu uno ndi wa momwe tingawerengere buku lakelo tili m'kati mwa Windows kapena Linux, popanda kuzimitsa makina. Malamulo otayipa ake ndi afupiafupi, mwana wasukulu atha kuwaloweza tsiku limodzi. Pamene pagona nkhani ndi pa kumasulira yankho, chifukwa mayankho ake si "inde" ndi "ayi" okha.

## Zomwe zimachitika Windows kapena Linux isanadzuke

Mukadina batani loyatsira, Windows siyamba pomwepo. Choyamba chimadzuka ndi kapulogalamu komwe wopanga makinawo anakalemba m'kachipangizo ka pa bolodi lalikulu la kompyuta. Amisiri amakatcha femuweya. Makompyuta akale femuweya yawo inali BIOS, ndipo atsopano ndi UEFI, ngakhale anthu ambiri amangoti BIOS pa zonse. Femuweya imafufuza pa disiki pulogalamu yodzutsa, yomwe ntchito yake ndi kukweza mtima wa Windows kapena wa Linux, mtima womwe umatchedwa kenelo. Kenelo ikadzuka ndiye pamabwera zonse zomwe timaona.

Akuba a pa makompyuta anazindikira kalekale kuti malo abwino obisalapo ndi pakati pa femuweya ndi kenelo. Vayirasi yomwe yadzuka Windows isanadzuke imakhala ngati wakuba yemwe walowa m'nyumba eni ake asanabwere: pulogalamu yolimbana ndi mavayirasi ikamayamba ntchito, iye wapeza kale pobisala. Secure Boot inalowa m'malamulo a UEFI m'chaka cha 2011 pofuna kutseka mpata umenewu, ndipo inafala mu 2012 pamene Microsoft inafuna kuti makompyuta atsopano ogulitsidwa ndi chizindikiro cha Windows 8 azibwera ili yoyatsa.

Kagwiridwe kake nkosavuta kumva. Pulogalamu yodzutsa iliyonse yovomerezeka imakhala ndi chidindo cha masamu, chomwe chimasweka munthu akasintha ngakhale kachidutswa kamodzi ka pulogalamuyo. Femuweya imasunga mndandanda wa zidindo zomwe imazikhulupirira, wotchedwa `db`, ndi mndandanda wina wa zoletsedwa, wotchedwa `dbx`. Pamwamba pa zonsezi pali kiyi wamkulu mmodzi, `PK`, yemwe kawirikawiri amaikidwa ndi kampani yopanga kompyutayo. Kiyi ameneyu mumukumbukire, tikumana nayenso.

Femuweya ikatsiriza ntchito yake imasiya kakalata kakang'ono kwambiri, ka baiti imodzi yokha, kotchedwa `SecureBoot`. Ngati inayang'anadi zidindo, imalembamo 1. Ngati sinayang'ane, imalembamo 0. Malamulo ambiri omwe titchule amangowerenga kakalata komweka kapena zomwe dongosolo linakopera kuchokera m'menemo, nkukufotokozerani m'mawu.

## Pa Windows

Njira yosafuna luso ndi iyi: dinani batani la Windows pamodzi ndi R, mutayipe `msinfo32`, nkudina Enter. Padzatuluka tsamba lotchedwa System Summary, lodzaza mizere yambiri. Yofunika ndi iwiri yokha, ndipo muyiwerenge motsatana. Woyamba ndi BIOS Mode, womwe umanena UEFI kapena Legacy. Wachiwiri ndi Secure Boot State, womwe umanena On, Off kapena Unsupported.

Chifukwa choyambira mzere woyambawo nchakuti Secure Boot ndi ya UEFI yokha. Kompyuta ikadzuka mwa njira yakale, ya Legacy, mlonda palibiretu, ndipo mzere wachiwiri umanena Unsupported. Ambiri akaona mawu amenewa amaganiza kuti makina awo ndi akale kwambiri, sangathe. Nthawi zambiri si choncho. Makina ambiri opangidwa kuyambira 2012 ali ndi UEFI, koma amene anaikamo Windows anadzutsa fulashi yake mwa njira yakale, ndiye Windows inakhazikika mwa njira yomweyo. Unsupported akunena za momwe makinawo adzukira lero, osati zomwe angathe.

Amene akufuna yankho la liwu limodzi atsegule PowerShell ndi mphamvu za woyang'anira, kutanthauza kusankha Run as administrator, nkutayipa:

```
Confirm-SecureBootUEFI
```

Ikanena `True`, mlonda ali maso. Ikanena `False`, makina adzuka mwa UEFI koma zidindo sizinayang'anidwe. Ikatulutsa mawu ofiira akuti `Cmdlet not supported on this platform`, ndiye Legacy ija. Palinso mawu ena ofiira omwe amasokoneza oyamba kumene, okhala ndi `Access was denied` m'kati mwake. Amenewo sakunena kanthu za Secure Boot. Akungonena kuti mwatsegula PowerShell ngati munthu wamba, ndipo Windows sikukulolani kufunsa femuweya. Ndaonapo anthu akulemba mu lipoti kuti Secure Boot "yawonongeka" chifukwa cha mawu amenewa, pomwe vuto linali katsegulidwe ka zenera basi.

Ngati mulibe mphamvu za woyang'anira, monga pa kompyuta ya kuntchito, `msinfo32` imayankhabe. Muthanso kuwerenga zomwe Windows inalemba m'kaundula wake podzuka:

```
reg query HKLM\SYSTEM\CurrentControlSet\Control\SecureBoot\State /v UEFISecureBootEnabled
```

Yankho lothera ndi `0x1` ndi On, lothera ndi `0x0` ndi Off.

## Pa Linux

Apanso funso loyamba ndi lomwe lija: kodi tadzuka mwa UEFI? Tsegulani teminolo, kazenera kotayipamo malamulo, nkulemba:

```
ls /sys/firmware/efi
```

Pakatuluka mayina a mafayilo, pakati pawo `efivars`, mwadzuka mwa UEFI. Ikanena `No such file or directory`, ndiye kuti pa kompyuta wamba mwadzuka mwa njira yakale, ndipo funso la Secure Boot lathera pomwepo.

Lamulo lomwe ambiri amagwiritsa ntchito ndi ili:

```
mokutil --sb-state
```

Limayankha `SecureBoot enabled` kapena `SecureBoot disabled`, ndipo pa makina odzuka mwa njira yakale limati `EFI variables are not supported on this system`. Pa Ubuntu ndi Fedora kawirikawiri pulogalamuyi imakhalamo kale. Kwina mungafunike kuyiika. Lamulo lina, `bootctl status`, lomwe limabwera ndi systemd, limatulutsa mzere wonga `Secure Boot: enabled (user)`, ndipo liwu lotsirizalo lili ndi phindu lomwe tione posachedwa.

Koma ine ndimakonda kuti wophunzira aliyense kamodzi kokha akawerenge kakalata kaja ndi maso ake, popanda womasulira. Linux imakaonetsa ngati fayilo:

```
od -An -t u1 /sys/firmware/efi/efivars/SecureBoot-8be4df61-93ca-11d2-aa0d-00e098032b8c
```

Dzina lalitalilo musaliope. Mukafika pa `SecureBoot-` dinani Tab, teminolo imalizitsa yokha. Patuluka manambala asanu:

```
6   0   0   0   1
```

Anayi oyambirira si yankho. Ndi chikuto chabe, chofotokoza kuti kakalataka kangawerengedwe liti komanso ndi ndani. Nambala 6 ikutanthauza kuti kamawerengeka nthawi yodzuka ndiponso makina akuyenda, koma sikasungidwa magetsi akathima: femuweya imakalemba mwatsopano pa kudzuka kulikonse. Yankho ndi nambala yachisanu, 1 kapena 0. Amene sadziwa zimenezi amaona 6 ndi maziro atatu nkuganiza kuti pali cholakwika. Njira imeneyi ndi yothandiza pa fulashi yokonzera makina, momwe mwina `mokutil` mulibe, chifukwa `od` imapezeka pafupifupi pa Linux iliyonse.

## Laputopu yomwe inkanena zinthu ziwiri

Mnzanga wina anagula laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito, yakunja, ya Windows. Masewera ena a pa intaneti omwe ankafuna kuikamo anakana kutseguka, ati Secure Boot ndi yozimitsa. Iye analowa m'tsamba la femuweya podzutsa makina, nkupeza mzere wa Secure Boot ukunena Enabled. Anabwerera mu Windows, masewerawo nkukananso. Atabwera nayo kwa ine anali atatsimikiza kuti masewerawo ndi opusa.

Tinayamba ndi `msinfo32`. BIOS Mode inali UEFI, choncho vuto la Legacy panalibe. Secure Boot State inali Off. `Confirm-SecureBootUEFI` inanena `False`. Masewerawo sankanama. Nanga femuweya inkanama? Nayonso ayi. Mawu akuti Enabled m'tsamba lija amanena zomwe mwini wapempha, pomwe kakalata ka baiti imodzi kamanena zomwe zachitikadi. Mlonda analembedwa ntchito, koma panali chomwe chinkamulepheretsa kuyigwira.

Chomulepheretsacho chimapezeka mu kakalata kachiwiri, kotchedwa `SetupMode`. Tinakawerenga motere, mu PowerShell yomwe ija ya woyang'anira:

```
(Get-SecureBootUEFI -Name SetupMode).Bytes
```

Panatuluka 1. Tanthauzo lake nlakuti kiyi wamkulu uja, `PK`, mulibe. Femuweya yopanda `PK` imadzitenga ngati makina omwe akadali m'manja mwa womanga, odikira kuti mwini aikemo makiyi ake, ndipo pa nthawi imeneyo siyang'ana chidindo cha aliyense. Mwina mwini wakale kapena wogulitsa anadina pa mzere wofufuta makiyi pamene ankavutika kudzutsa fulashi ina. Zimachitika kawirikawiri, chifukwa mzerewo umakhala pafupi ndi wozimitsira, ndipo munthu wotopa amangodina chilichonse mpaka fulashi idzuke.

Tikanakhala pa Linux, tikanazipeza msanga. `mokutil --sb-state` ikanayankha mizere iwiri:

```
SecureBoot disabled
Platform is in Setup Mode
```

ndipo `bootctl status` ikanaonetsa `disabled (setup)`. Ndilo phindu la liwu lotsiriza lija: `user` akutanthauza kuti kiyi wamkulu alimo, `setup` kuti mulibe.

Kukonza kwake kunatenga mphindi zosakwana zisanu. Tinalowanso m'tsamba la femuweya nkupeza mzere wobwezeretsa makiyi a ku fakitale. Makampani amautchula mosiyana: pa makina ena ndi Restore Factory Keys, pa ena Install default Secure Boot keys. Titasunga ndi kudzutsanso, `SetupMode` inanena 0, `Confirm-SecureBootUEFI` inanena `True`, masewera nkutseguka.

Tisanakhudze makiyiwo tinachita chinthu chimodzi chomwe sindikufuna kuti wowerenga achidumphe. Tinayang'ana ngati disikiyo ndi yokhomedwa ndi BitLocker, pogwiritsa ntchito `manage-bde -status`. BitLocker imakumbukira momwe makina amadzukira, ndipo Secure Boot ikasintha imatha kuganiza kuti disiki yabedwa, nkufunsa nambala yopulumutsira ya manambala 48. Amene alibe nambalayo atha kutsekeredwa kunja kwa mafayilo ake omwe. Ya mnzangayo sinali yokhomedwa. Yanu ikakhala yokhomedwa, pezani kaye nambalayo muyilembe papepala, kapena muyimitse BitLocker kwakanthawi. Kuwerenga chabe momwe Secure Boot ilili sikusintha kanthu ndipo sikungakutsekereni kunja. Choopsa chimayamba mukayamba kusintha.

Nanga ikanakhala Legacy? Pamenepo kuthamangira kukayatsa UEFI ndi kudzipweteka, chifukwa Windows yoikidwa mwa njira yakale imakhala pa disiki yogawidwa mwa dongosolo la MBR, pomwe Windows yodzuka mwa UEFI imafuna GPT. Mukangosintha femuweya, makina anena kuti sakupeza podzukira. Lamulo la `Get-Disk` limaonetsa dongosolo la disikiyo, ndipo kuyambira 2017 Windows 10 ili ndi chida chotchedwa `mbr2gpt` chosinthira popanda kufufuta mafayilo. Imeneyo ndi ntchito ina, yofuna kusunga kaye mafayilo kwina.

## Mzere wachiwiri wa mokutil

Pa Linux pali chachilendo china. Makompyuta ambiri amabwera akukhulupirira zidindo za Microsoft, osati za Ubuntu kapena Fedora. Pofuna kuti Linux izidzuka pa makina otere, panapangidwa kapulogalamu kakang'ono kotchedwa `shim`, komwe Microsoft imakadinda. Femuweya imavomereza `shim`, kenako `shim` ndiye amayang'ana chidindo cha pulogalamu yodzutsa Linux ndi cha kenelo. Choncho pa Linux alonda ndi awiri, wa pageti ndi wa pakhomo.

Mlonda wachiwiriyu atha kuuzidwa kuti apume. Zikatero `mokutil --sb-state` imati:

```
SecureBoot enabled
SecureBoot validation is disabled in shim
```

Munthu wothamanga amawerenga mzere woyamba nkukhutira. Kakalata ka baiti imodzi nakonso kamanena 1, ndipo sikakunama, pakuti femuweya inayang'anadi chidindo cha `shim`. Koma kuyambira pamenepo aliyense akulowa. Apa ndiye `mokutil` imaposa `od`, chifukwa imadziwa kufunsa mlonda wachiwiri. Kawirikawiri zimenezi zimachitika pamene wina anavutika ndi dalaivala wa khadi la zithunzi kapena la Wi-Fi nkutsatira malangizo akuti atayipe `mokutil --disable-validation`. Chobwezeretsa ndi `sudo mokutil --enable-validation`, kenako kudzutsanso makina ndi kutsimikiza pa sikirini yabuluu yomwe imatuluka.

Vuto la madalaivala lomwe limakankhira anthu kumeneko lili ndi chizindikiro chake. Secure Boot ikakhala yoyatsa, kenelo ya Ubuntu kapena Fedora imakana kulandira dalaivala wopanda chidindo, ndipo uthenga wake ndi `Key was rejected by service`. Mukaona mawu amenewa, ngakhale musanatayipe lamulo lililonse, mwayamba kale kudziwa kuti alonda ali maso. Mungatsimikize ndi `cat /sys/kernel/security/lockdown`, yomwe imatulutsa mawu atatu, limodzi lili m'mabokosi:

```
none [integrity] confidentiality
```

Liwu la m'mabokosi ndilo likugwira ntchito, ndipo `integrity` akutanthauza kuti kenelo yadzitseka kuti ngakhale woyang'anira asailowetse zinthu zosadindidwa. Koma chenjerani: si Linux iliyonse yomwe imadzitseka chonchi Secure Boot ikayatsidwa, choncho kuona `none` m'mabokosi si umboni wakuti Secure Boot ndi yozimitsa. Njira yabwino ya dalaivala wokanidwayo si kupumitsa mlonda, koma kupanga kiyi wanuwanu, kumulembetsa kwa `shim` ndi `mokutil --import`, nkudinda dalaivalayo. Pa Ubuntu zambiri mwa izi zimachitika zokha, inu mumangofunsidwa mawu achinsinsi a kamodzi, omwe mumawatayipanso pa sikirini yabuluu ija.

## Pomwe yankho limathera mphamvu

`True` ndi `enabled` amanena chinthu chimodzi chokha: kuti femuweya inayerekeza zidindo ndi mindandanda yomwe ili nayo. Sanena kuti mindandandayo ndi yatsopano. Mu 2020 panapezeka chibowo chotchedwa BootHole mu pulogalamu yodzutsa ya GRUB, ndipo mu 2023 akatswiri anaona vayirasi ya BlackLotus ikudzuka pa makina a Windows 11 omwe Secure Boot yawo inali yoyatsa. BlackLotus sinathyole chidindo. Inabweretsa pulogalamu yodzutsa yakale ya Windows, ya chidindo chenicheni koma ya chibowo, ndipo femuweya inailandira chifukwa inali isanalembedwe mu `dbx`. Zili ngati wantchito wochotsedwa yemwe chiphaso chake sichinafufutidwe m'buku la mlonda.

Nkhani ya zidindo zakale ikukhudzanso masiku ano. Ziphaso zomwe Microsoft inatulutsa mu 2011 nthawi yake yothera ndi chaka cha 2026, ndipo zolowa m'malo mwake ndi za 2023. Kuti muone ngati makina anu analandira chatsopano cha Windows, mu PowerShell ya woyang'anira tayipani:

```
[Text.Encoding]::ASCII.GetString((Get-SecureBootUEFI db).Bytes) -match 'Windows UEFI CA 2023'
```

Lamuloli limangofufuza dzinalo m'kati mwa `db` nkuyankha `True` kapena `False`. Pa Linux, `mokutil --db` imaonetsa ziphaso zonse za mu mndandandawo, ndipo mungafufuzemo 2023 ndi maso.

Malire ena ndi a amene mukumufunsa. Mukatayipa malamulowa mu kompyuta yongoyerekezera, monga ya mu VirtualBox kapena Hyper-V, yankho ndi la femuweya yongoyerekezerayo, osati la makina omwe ali pa tebulo panu. Chimodzimodzi Linux yoyenda m'kati mwa Windows kudzera mu WSL: `mokutil` kumeneko siona femuweya yeniyeni, ndiye funsani Windows. Ndipo pa makina a madongosolo awiri, Windows ndi Linux zitha kuyankha mosiyana ngati imodzi inaikidwa mwa UEFI, ina mwa Legacy.

Chomaliza ndi chomwe chimandivutitsa ine. Buku la mlonda mumaliwerenga kudzera mwa Windows kapena Linux. Ngati wakuba analowa kale nkulanda kenelo, atha kukuonetsani 1 pomwe pali 0. Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku, monga kufufuza chomwe masewera akukanira kapena kuyang'ana laputopu musanalipire, zimenezi zisakudetseni nkhawa. Koma ngati mukukayikira kuti makinawo agwidwa, musafunse dongosolo lomwe mukulikayikiralo. Zimitsani, dzutsani ndi fulashi ya Linux yomwe mwaikonzera pa kompyuta ina yoyera, nkuwerenga manambala asanu aja kuchokera kumeneko, pamodzi ndi a `SetupMode`, omwe fayilo yake ili m'malo omwewo ndipo dzina lake limathera ndi zilembo zomwe zija.